Mmene ndimajambulira vidiyo ndi foni yokha pogwiritsa ntchito kuwala kwa pa zenera

Ndikafuna kujambula vidiyo yoti ndilankhule moyang'ana kamera, monga pofotokoza phunziro kapena posonyeza kagwiritsidwe ntchito ka chipangizo china, sindiyamba ndi foni ayi. Ndimayamba ndi zenera, chifukwa pa zinthu zonse zimene ndidzagwiritse ntchito m'chipindamo, zenera lokha ndilo sindingathe kulisuntha. Zenera limandiuza pamene ndiike mpando, mpando umandiuza pamene ndiimike foni, ndipo foni ikaima ndi pamene ndimadziwa mbali ya chipinda yoyenera kukonza. Munthu akayamba ndi kusankha khoma lokongola, kawirikawiri amapezeka kuti wafulatira zenera, ndipo nkhope yake imatuluka yakuda bii pamene kumbuyo kwake kukuwala mbee.

Ndifotokoza mmene ndimachitira m'chipinda wamba cha zenera limodzi, pojambula vidiyo ya mphindi zitatu nditakhala pa mpando.

Choyamba ndimasankha nthawi imene dzuwa silikulowa mwachindunji pa zeneralo. Ngati zenera layang'ana kum'mawa ndimajambula masana, ndipo ngati layang'ana kumadzulo ndimajambula m'mawa. Kuwala kwabwino ndi kumene kukuchokera kuthambo konse, chifukwa kumafika pa nkhope kuchokera pa malo otambalala, ndipo mithunzi yake imazilala pang'onopang'ono. Dzuwa lenileni likamenya nkhope, pamphumi ndi pamphuno pamanyezimira, m'munsi mwa maso mumada, ndipo munthu amatsinzina mosadziwa. Ndikakakamizika kujambula dzuwa likulowa, ndimapachika nsalu yoyera yopyapyala pa zenera lonse kuti kuwalako kumwazike. Nsaluyo iyenera kukhala yoyeradi, pakuti katani yofiirira kapena yobiriwira imapaka mtundu wake pa khungu.

Ndikatero ndimazimitsa magetsi onse a m'chipinda, ngakhale kuti poyamba zimaoneka ngati ndikutaya kuwala. Mababu ambiri a m'nyumba amatulutsa kuwala kwachikasu pamene kuwala kwa masana kumapita kumbali ya buluu, ndipo foni ikakumana ndi mitundu iwiriyi nthawi imodzi imalephera kudziwa kuti choyera chenicheni ndi chiti. Zotsatira zake n'zakuti tsaya limodzi limaoneka lachikasu, lina lotuwa. Palinso mababu ena amene amaphethira mofulumira kwambiri moti diso silizindikira, koma pa vidiyo amaoneka ngati mizere yoyenda kapena kuwala kogwedera. Babu la padenga limawonjezeranso vuto lina, loponya mithunzi m'maso kuchokera pamwamba.

Mpando ndimauika pafupifupi mita imodzi kuchokera pa zenera, ndipo sindiliyang'ana ndendende kapena kulipatsa khutu, koma ndimakhala mopendekera, zenera lili kutsogolo chakumbali, pa madigiri ngati 45. Ndikayang'ana zenera mwachindunji nkhope imawala mofanana paliponse, zimene si zoipa, koma imaoneka yophwatalala. Ndikaliika kumbali kwenikweni, theka la nkhope limamira mumdima. Pakatikati pa ziwirizi ndi pamene tsaya limodzi limawala bwino, linalo lili ndi kamthunzi kochepa kamene kamaonetsa maumbidwe a nkhope, ndipo m'maso onse awiri mumaoneka kadontho ka kuwala kwa zenera. Kadontho kameneka ndiko chizindikiro changa: kakasowa m'diso la kumbali yamdima, ndimatembenuza mpando pang'ono kuloza ku zenera mpaka kabwerere.

Mtunda wa pakati pa mpando ndi zenera ndi wofunika kuposa mmene anthu ambiri amaganizira, chifukwa kuwala kumachepa msanga munthu akamatalikira. Pa mita imodzi nkhope imalandira kuwala kokwanira, koma pa mamita atatu foni imayamba kudzikakamiza kuti ione, ndipo chithunzi chimadzaza timadontho tonga mchenga, makamaka m'malo akuda monga m'tsitsi ndi m'ngodya. Ndikaona timadonthoti sindifufuza vuto m'foni, ndimangokokera mpando ku zenera. Mbali yamdima ya nkhope ikada kwambiri, ndimaimika pepala lalikulu loyera kapena kupachika nsalu yoyera pa mpando wina, kumbali yotalikirana ndi zenera, masentimita 50 kapena 60 kuchokera pa tsaya, pamalo poti kamera sikuliona. Pepalalo limabweza kuwala kwa zenera ndi kufewetsa mthunzi popanda kuuchotseratu.

Tsopano ndi pamene ndimatenga foni. Ndimapukuta kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa mafuta a zala amachititsa chithunzi kuoneka ngati muli nkhungu, makamaka pafupi ndi malo owala. Ndimagwiritsa ntchito kamera ya kumbuyo pa 1x, kutanthauza chithunzi chosakulitsidwa, poti pa mafoni ambiri ndiyo yabwino koposa ndipo imaona bwino kuwala kukachepa. Sindikulitsa chithunzi ndi zala, chifukwa kutero nthawi zambiri kumangodula mbali ya chithunzi ndi kuitambasula. Pa vidiyo yolankhula, m'zosankha za kamera ndimasankha kukula kwa chithunzi kwa 1080p pa 30 fps, kutanthauza zithunzi 30 pa sekondi, ndipo zimandikwanira. Ndimayatsanso Airplane Mode kuti foni isalire ndili pakati pa chiganizo, ndipo ndimasankhiratu ngati ndijambula foni itagona kapena itaima, malinga ndi kumene vidiyoyo ikaonetsedwe, popeza kusintha pambuyo pake kumadula mbali yaikulu ya chithunzi.

Foni sindiigwira m'manja. Choimikira cha miyendo itatu chikakhalapo ndi bwino, koma mulu wa mabuku pa tebulo lolimba umagwira ntchito yomweyo. Ndimaunjika mabuku mpaka kagalasi ka kamera kafike pa mlingo wa maso anga nditakhala pansi, kenaka ndimatsamiritsa foni pa chinthu cholemera, n'kuika kabuku kena kutsogolo kwake m'munsi kuti isatsetsereke. Kamera ikatsika imaonetsa m'mphuno ndi denga, ndipo woonera amamva ngati ndikumuyang'anira pansi. Chofunikanso n'chakuti foni iime mowongoka, isagadamire kumbuyo, zimene zimachitika mosavuta ikatsamira pa chinthu. Ndimadziwa kuti yagadama ndikaona mafelemu a chitseko akupendekera mkati chakumwamba. Tebulo limene pali foni sindilitsamira kapena kuligunda polankhula, pakuti kugwedezeka kulikonse kumaoneka komanso kumamveka.

Foniyo ndimaiika pa mtunda wa mita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Kamera ya 1x imaona motambalala, choncho ikayandikira kwambiri imakulitsa mphuno ndi kuchepetsa makutu. Ikatalikira mopitirira, mawu amamveka ngati akuchokera m'chipinda chopanda katundu, chifukwa maikolofoni ali pa foni pomwepo. Pofuna kuika nkhope pamalo oyenera ndimayatsa mizere yothandiza, imene pa iPhone imapezeka pa Settings, Camera, Grid, ndipo pa mafoni ambiri a Android ili m'zosankha za kamera. Mizereyi imagawa sikirini patatu chopingasa ndi patatu chotsika. Maso anga ndimawaika pa mzere wopingasa wa kumtunda, pamwamba pa mutu ndimasiya kampata kochepa, ndipo m'munsi chithunzi chimathera pa chifuwa. Mizere yotsika ndimaiyerekeza ndi m'mphepete mwa chitseko kuti ndione ngati foni yapendekera kumbali.

Foni ikaima, ndimayang'ana pa sikirini kuti ndione zimene zili kumbuyo kwa mpando. Sindikonza chipinda chonse, ndimakonza chokhacho chimene kamera ikuona, ndipo nthawi zambiri ndi kachigawo ka khoma ka mamita awiri kapena atatu. Ndimayendetsa maso m'mphepete monse mwa chithunzi, chifukwa ndi m'ngodya mmene mumabisala nthambo za magetsi, zovala zopachikidwa pa chitseko ndi theka la mpando. Chinthu chimene chadulidwa ndi m'mphepete mwa chithunzi ndimachilowetsa chonse kapena kuchichotseratu. Ndimachotsanso chilichonse chokhala ndi zolemba, monga kalendala kapena makalata, poti diso la munthu likaona zilembo limayamba kuwerenga ndipo khutu limasiya kumvera. Komanso zolemba zotere zikhoza kuulula za banja zimene sindikufuna kuti ziwanditsidwe. Galasi lodziyang'anira ndi zithunzi za m'magalasi ndimaziona mosamala, chifukwa zimabweza zenera kapena foni yomwe.

Khoma lopanda kanthu kalikonse, kwa ine, limaoneka lozizira, choncho ndimasiya chinthu chimodzi kapena ziwiri kumbali, monga duwa la mumphika kapena shelefu ya mabuku yosanjidwa bwino, bola chisaoneke ngati chikumera pamutu panga. Pakati pa msana wanga ndi khoma ndimasiya mita imodzi ndi theka kapena iwiri ngati chipinda chikulola. Mpatawu umachititsa kuti mthunzi wanga ugwere pansi m'malo mwa pakhoma, ndipo khomalo, pokhala kutali ndi zenera kuposa ine, limaderako pang'ono, moti nkhope ndiyo imakhala chowala kwambiri m'chithunzi. Izi n'zofunika makamaka kwa ife a khungu lakuda, chifukwa kamera ikaona khoma loyera lowala kapena malaya oyera imachepetsa kuwala kwa chithunzi chonse, ndipo nkhope imatayika. N'chifukwa chake ndimavala chovala cha mtundu wapakatikati, chopanda timizere tothinana timene timavina pa vidiyo.

Chotsala ndi kuletsa foni kuti isamasinthe kuwala yokha ndikamasuntha manja. Popeza sindingakhale pa mpando n'kumaona sikirini ya kamera ya kumbuyo, ndimapempha munthu wina kuti agwire nkhope yanga pa sikirini osachotsa chala mpaka kamera itseke, ndiko kuti isiye kusintha yokha kuwala ndi malo amene ikuona bwino. Pa iPhone pamatuluka mawu akuti AE/AF LOCK, ndipo pa mafoni ambiri a Android pamatuluka kachizindikiro ka loko. Akatero amakweza kapena kutsitsa kachithunzi ka dzuwa ka pa sikirini mpaka khungu lioneke mmene lilili, pamphumi posayera mopitirira. Ndikakhala ndekha ndimasanjika mitsamiro pa mpando mpaka pamene pamafika mutu wanga, pamwamba n'kuyala nsalu yoderako ngati khungu langa, ndipo ndimatsekera kamera pamenepo.

Ndisanayambe vidiyo yeniyeni ndimajambula masekondi 10 ndikulankhula ndi kusuntha manja monga ndidzachitire, kenaka ndimaionera pa sikirini yonse mawu ali okweza. Ndimaona ngati maso akuoneka bwino kuposa khoma, ngati manja sakutuluka m'chithunzi, ndiponso ngati sipakumveka fani kapena phokoso la panja, limene ndimalichepetsa potseka magalasi a zenera koma makatani ali otsegula. Polankhula ndimayang'ana kagalasi ka kamera, ndipo ndimamata kapepala kakang'ono pambali pake kuti maso asasochere. Ndimadikira masekondi awiri ndisanayambe kulankhula, ndi enanso awiri ndikamaliza, kuti podula vidiyo mawu oyamba ndi omaliza asadukire.

Pa tsiku la mitambo yoyendayenda, kamera yotsekedwa siitsatira kusintha kwa kuwala, choncho mtambo ukadutsa chithunzi chimada. Zikatero ndimajambula m'zigawo zifupizifupi, ndipo chigawo chilichonse chisanayambe ndimayang'ananso nkhope pa sikirini ndi kutsekanso kamera ngati kuwala kwasintha. Mapazi a mpando ndi malo a mabuku ndimawalemba ndi kaselotepi pansi ndi pa tebulo, kuti zigawozo zikalumikizidwa mutu ukhale pamalo amodzimodzi.