Sabata yachisanu: soya pisi wonyowa wandibera magalamu 65 a mapuloteni pa tsiku

Dzulo ndalephera kunyamula makilogalamu 80 pa benchi kasanu, pomwe mwezi watha ndinkakwanitsa kasanu ndi katatu. Pa sikelo ndatsika kuchoka pa 96 kufika pa 92, koma mphamvu nazonso zikutsika, ndipo zimenezi zandiwawa kwambiri. Ndikufuna mimba ichoke, minofu ikhale.

Poyamba, powerengera mapuloteni oti ndizidya pa tsiku, ndidachulukitsa makilogalamu anga 96 ndi magalamu 2.2 pa kilogalamu iliyonse, ndikupeza magalamu 211 a mapuloteni. Galamu imodzi ndi makalori 4, ndiye 844 mwa makalori 2,000 anga apatsiku akadathera pomwepo. Mafuta a pamimba safuna mapuloteni ngati minofu, choncho munthu wonenepa ngati ine ndi bwino awerengere pa thupi limene akufuna kufikapo. Langa ndi makilogalamu 82. Pakati pa 1.6 ndi 2.2 pa kilogalamu ndidasankha 2, chifukwa chakudya chikachepa thupi limayamba kudyako minofu. Zidatuluka 164, ndidangoti 160.

Nambalayo idali bwino. Cholakwika ndachisaka masiku atatu, mpaka kukayikira tulo ndi sikelo ya kukhitchini. Usiku wa Lachitatu ndikunyika soya pisi m'madzi otentha, ndidaona mbale yodzaza theka ikusefukira, mtima udangoti phwii. Papaketi alemba mapuloteni magalamu pafupifupi 50 pa 100, koma amenewo ndi a soya wouma. Ine ndinkayeza nditanyika kale! Magalamu 200 onyowa ndinkalemba mapuloteni 100, chikhalirecho ouma ake ndi 70 basi, mapuloteni 35. Mwezi wathunthu ndadya 95 pa tsiku m'malo mwa 160, enawo adali madzi.

Tsopano chilichonse ndikuyeza chisanaone madzi kapena moto. Chidali cha nkhuku chachiwisi chili ndi 22 kapena 23 pa 100, chophika chimafika pa 31 chifukwa madzi auma, ndiye msampha ndi womwewo, kungoti wotembenuka. M'mawa mazira atatu, 18. Masana soya wouma magalamu 70, madzulo chidali magalamu 200, kuphatikiza chambiko theka la lita ndi usipa.

Usipawo ndimagula kwa mayi ena kumsika amene amayanika pathandala, ulibe mchenga. Wamchenga umalemera pa sikelo pachabe. Magalamu 60 ouma, mitu yomwe, amapereka mapuloteni opitirira 30. Nsinjiro ndachepetsa ngakhale ndimaikonda mu chisoso: mtedza magalamu 100 uli ndi mapuloteni 25, koma makalori ake amaposa 550.

Sindikunena kuti mapuloteni okha ndiwo agwetsa benchi, pakuti kutsika kilogalamu imodzi pa sabata ndi liwiro ndithu, ndiye ndawonjezera makalori 150. Ndiona masabata atatu akubwerawa. Pofika Disembala ndikufuna 82 pa sikelo ndi 100 pa benchi.