Mmene ndinasinthira API ya sikelo ya tiyi koma ma apu akale osafa

Ku bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi lomwe ndimalisamalira seva kuno ku Mulanje, makalaliki a pa sikelo amalemba makilo a tsamba pa apu ya Android, foni imatumiza ku seva, kumapeto kwa mwezi mlimi amalipidwa potengera zomwezo. Chaka chatha anagula masikelo atsopano owonetsa mpaka mapointi, 23.6 m'malo mwa 23 basi, komanso akuluakulu anati tsamba likabwera lonyowa ndi mvula zochotsera zija zizilembedwa padera mlimi aziziona. Ndiye API imayenera kusintha. Vuto ndi loti makalaliki ambiri sapanga apudeti, ndipo sindiwanena, Play Store mwachizolowezi imadikira waifai kuti ipange apudeti yokha, nanga ku shedi ya ku Limbuli kapena chakumunsi kwa Muloza waifai aitenga kuti, bando yake ndi ya m'thumba mwake. Ena apuyo sanaitenge n'komwe ku Play Store, anachita kupatsirana pa Xender, ndiye foni zimenezo musamaziwerengere zoti zidzapanga zokha.

Ndisanakhudze khodi ndinayamba ndafufuza kuti kunjaku kuli mavesheni ati. Apu yathu yapakati imatumiza heda iyi pa rikwesiti iliyonse:

```
X-App-Version: 14
```

Nambalayo ndi `versionCode`, yomwe imangokwera, osati `versionName` yomwe munthu amatha kulemba chilichonse. Koma apu yoyambirira yeniyeni sinkatumiza kanthu, mu logi imangooneka ngati `okhttp/3.12.1` pa `User-Agent`. Ndiye lamulo langa linali loti rikwesiti yopanda heda ndiziiwerenga ngati ya apu yakale kwambiri. Ndinaika kuti logi izisunga vesheni limodzi ndi nambala ya kalaliki ndi shedi yake, chifukwa kudziwa kuti akale atsala ochepa sikuthandiza ngati simukudziwa kuti ndi ndani, mumuimbira bwanji. Ndipo musaone logi ya sabata imodzi n'kuganiza kuti mwaona onse. Nthawi yachilimwe tsamba limachepa, mashedi ena amakhala ziii, foni zina zimadzadzuka mu Disembala mvula ikagwa tiyi ataphukira, zili ndi apu yomwe inu munaiwala kalekale.

Kenako ndinatsegula khodi ya apu yakale kuona kuti imawerenga bwanji JSON, apa ndi pamene mumadziwira chimene mungasinthe ndi chimene simungayerekeze. Yathu imagwiritsa Gson, ndipo `weight_kg` inalembedwa ngati `int`. Gson ikapeza filudi yomwe sakuidziwa imangoidumpha, choncho kuwonjezera zinthu palibe vuto. Koma ikapeza 23.6 pomwe ikudikira `int` imaponya `JsonSyntaxException`, mndandanda wonse wa tsikulo osatseguka chifukwa cha mzere umodzi. Anthu amakonda kunena kuti kuwonjezera filudi sikuphwanya kanthu, koma zimatengera chomwe chili mu apu yanu: Jackson 2 ikakhala mmene imabwerera imakana filudi yachilendo pokhapokha mutazimitsa `FAIL_ON_UNKNOWN_PROPERTIES`, nayo `kotlinx.serialization` imafuna `ignoreUnknownKeys = true`. Onani kaye musanakhulupirire.

Njira yakale ija `/api/deliveries` inalibe nambala ya vesheni, ndinaisiya chomwecho n'kumangoitcha v1 pakamwa, zatsopano ndinaziika pa `/api/v2/deliveries`. Mnzanga wina wa ku Luchenza anati bwanji osangoikankhira yakaleyo ku `/api/v1/` kuti zioneke bwino. Ndinakana, chifukwa OkHttp ikalandira 301 kapena 302 pa POST imatsatira ndi GET, katundu yense wa mu rikwesiti n'kutayika panjira, seva n'kuyankha 200 ndi mndandanda, apu n'kuganiza kuti makilo alowa pomwe sanalowe. Cholakwika chosachita phokoso chonchi ndi chimene chimaopsa, chimadzadziwika tsiku la malipiro mlimi atakwiya kale.

Mu v2 kulemera ndinakuika mu magalamu, manambala athunthu, kuti tisamavutike ndi mapointi:

```json
{"farmer_id": 4417, "gross_g": 23600,
 "deduction_g": 1200, "net_g": 22400,
 "status": "partial"}
```

Tsopano chachikulu chimene ndikufuna mumve ndi ichi. Sindinapange makope awiri a sisitimu yonse ayi. Databesi ndi imodzi, malamulo owerengera ndalama ndi amodzi, ndipo zonse zimaganiza mwa v2. v1 ndi kachigawo kowonda chabe kongotanthauzira, ngati womasulira m'tchalitchi, mlaliki ndi mmodzi yemweyo. Rikwesiti yakale ikabwera imasandutsidwa ya v2 isanalowe mkati, yankho likamatuluka limabwezeredwa mwakale. Mukakopera khodi yonse kawiri, tsiku lomwe mudzakonze cholakwika cha mawerengedwe mudzakonza mbali imodzi n'kuiwala inayo. Stripe nawonso amachita chimodzimodzi, mavesheni awo amawatchula ndi madeti ndipo yankho limadutsa mu timagawo tobwezera m'mbuyo mpaka lifike pa vesheni ya kasitomala.

Kulemba kachigawoko sikunavute, chinavuta ndi tanthauzo. Foni yakale ikatumiza `weight_kg` 23, kodi 23 ameneyu ndi tsamba lonse kapena atachotsa kale za madzi? Mu khodi simungapeze yankho. Ndinakafunsa makalaliki, mayi wina wa pa shedi ya kufupi ndi Chitakale anandiuza kuti, achimwene, ife timachotseratu m'mutu kenako timalemba zotsalazo. Ndiye 23 uja ndi `net_g` 23000, ndipo `gross_g` ndi `deduction_g` ndimazisiya `null` osati 0, chifukwa 0 akutanthauza kuti sanachotse kanthu pomwe zoona zake n'zoti sitikudziwa anachotsa zingati. Mukaika 0 lipoti la pachaka lidzanama kuti mashedi a foni zakale salandira tsamba lonyowa.

Potuluka napo pali nkhani. Mlimi atha kuyezetsa lero pa foni yatsopano, mawa mbiri yake n'kuonedwa pa foni yakale yomwe imadziwa makilo athunthu okha, ndipo apu yakaleyo imaphatikiza yokha mizere kuti ionetse zonse pamodzi. Titenge maulendo atatu a mlimi, magalamu 22400, 18700 ndi 9500, pamodzi ndi makilo 50.6. Mukangodula mapointi foni ionetsa 22, 18 ndi 9, pamodzi 49, mlimi aona ngati mwamubera kilo ndi theka n'kupitirira, ndipo pamwezi wathunthu kusiyanako kumangokula chifukwa nthawi zonse kukupita mbali imodzi. Mukazungulizira ku nambala yapafupi zikhala 22, 19 ndi 10, pamodzi 51, kusiyana kulipo koma kochepa ndipo pena kumakwera pena kumatsika. Ndinasankha yachiwiriyi, ndalama zimawerengedwabe kuchokera ku magalamu, ndipo makalaliki ndinawauza kuti chiphaso cha malipiro ndicho cholondola osati foni yakale.

```python
def to_v1(d):
    s = d["status"]
    return {
        "farmer_id": d["farmer_id"],
        "weight_kg": (d["net_g"] + 500) // 1000,
        "status": "accepted" if s == "partial" else s,
    }
```

Mwaona mzere wa `status` uwo. Kale kunali `accepted` ndi `rejected` basi, `partial` ndi watsopano. Mu apu yakale `status` ndi `enum`, ndipo Gson ikakumana ndi mawu omwe mulibe mu `enum` sidandaula, imangoika `null`, kenako apu imakagwa patsogolo ndi `NullPointerException` pomwe ikufuna kusankha mtundu wojambulira mzerewo. Kalaliki amangoti apu ikumatseka yokha ndikatsegula dzina la uje, ndiye mukamva dandaulo loti ikugwa pa alimi ena okha osati onse, thamangirani kukaona ngati pali mawu atsopano omwe adutsa kupita ku v1.

Poyesa ndinatenga marikwesiti enieni akale mu logi, n'kufufuta mayina, n'kuwasunga limodzi ndi mayankho ake, ndiye nthawi iliyonse ndisanakweze khodi ku seva mayeso amayerekeza filudi ndi filudi, mtundu wake womwe, ngati nambala yasanduka mawu kapena `[]` wasanduka `null` akulira pompo. Komanso mu kabati muli kafoni kakale komwe ndinaikamo APK yoyambirira, sikalandira apudeti mpaka kale, ndimayesapo ndi manja.

Pali china chomwe chimaiwalika. Apu yathu imasunga zolemba mu foni netiweki ikasowa, ndipo kuseri kwa phiri kapena kumalire komwe foni imathawira ku netiweki ya ku Mozambique zimatha kukhala masiku zisanatumizidwe. Ndiye munthu atha kupanga apudeti ali ndi mizere yakale pamzere wodikira. Apu yatsopano ndinaipanga kuti mzere uliwonse uzikhala ndi chizindikiro cha vesheni yomwe unalembedwera, akale azipitabe ku njira yakale. N'chifukwa chake ku seva chimene chimasankha katanthauziridwe ndi njira yomwe rikwesiti yadzera, heda ija ndi yongowerengera anthu.

Za kutseka v1, apu yatsopano ndinaiikamo chomwe yakale inalibe: ikatseguka imafunsa `/api/v2/config`, n'kulandira `min_version` ndi `latest_version`. Ikakhala pansi pa `latest_version` imangokumbutsa, ikakhala pansi pa `min_version` imayamba yatumiza zonse zodikira kenako n'kutseka chitseko mpaka apudeti. Koma izi zithandiza mtsogolo, foni zakale sizidziwa zoti kuli `config`. Heda ya `Sunset` ya mu RFC 8594 ndinaiika pa v1, ngakhale apu yakale siiwerenga, imathandiza wina amene angadzalumikize sisitimu yake ku API yathu. Kwa makalaliki chomwe chinagwira ntchito ndi mndandanda wa mu logi uja, alangizi akamazungulira mashedi amanyamula APK pa foni n'kuwaikira pompo opanda bando.

Apa chenjerani ndi siginecha. Ngati muli pa Play App Signing, APK yochokera ku Play Store imasainidwa ndi kiyi wina, yomwe mwapanga pa laputopu yanu ndi kiyi winanso, ndiye kuika ina pamwamba pa inzake foni imangoti `App not installed`. Munthu akaona choncho amafufuta yakale kuti ayambe bwino, makilo onse osatumizidwa n'kupita nayo limodzi. Alangizi ndinawapatsa ma APK awiri, wa foni zomwe zinatenga ku Play Store ndi wa zopatsirana, ndi lamulo loti asanakhudze chilichonse aone kuti pa sikirini zodikira zili pa 0.

Kutsekako ndikuchita mbali mbali. GET ya v1 ndiyo iyambe, izidzayankha 410 ndi uthenga wa Chichewa mu filudi ya `message` yomwe apu yakale imaonetsa kukakhala vuto, ndipo ndidzachita izi mu Julayi kapena Ogasiti tsamba litachepa, osati pakati pa dzinja mizere ya madengu ili mpaka kumsewu. POST ya v1 ikhalabe yotsegula mpaka logi idzadutse nyengo yonse ya mvula popanda foni yakale ngakhale imodzi, kachigawo kake ndi mizere yochepa chabe ndipo sikandidyera kanthu.