Lachiwiri ku situdiyo: "Ankolo, uyu si ine"

Chiperoni chinayamba usiku, moti m'mawa uno phiri la Ndirande silimaoneka n'komwe. Ndinatsegula situdiyo ku Limbe mochedwerapo, manja ali zii ndi kuzizira. Ntchito yam'mawa inali yachizolowezi, zithunzi za pasipoti ndi bambo wina wofuna kukulitsa chithunzi cha malemu mayi ake.

Cha m'ma 11 koloko kunabwera mayi wina wa ku Bangwe ndi mwana wake wamkazi wazaka 17. Ankafuna zithunzi zomata pafomu ya sukulu. Ndinamukhazika mtsikanayo pampando, nsalu yoyera kumbuyo, n'kumujambula. Nditamuonetsa pakompyuta anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako analankhula motsitsa mawu.

"Ankolo, uyu si ine."

Mayi ake anakalipa. "Iwe, usatichedwetse. Si iweyo, nanga ndi ndani?" Koma mwanayo sankachita matama. Misozi inali italengeza m'maso. Anatulutsa foni n'kundionetsa zithunzi zake zambirimbiri, ndipo zonse zinali za nkhope imodzi: khungu losalala ngati dzira, loyererapo, mphuno yopyapyala, chibwano chosongoka. Kachipsera kamene ali nako pamwamba pa nsidze yakumanzere sikanali pachithunzi ngakhale chimodzi. Anati anagwa pamtengo wa mango ali wamng'ono.

Ndinamufunsa fyuluta imene amagwiritsa ntchito. Anati saika fyuluta iliyonse, ndipo sankanama. Titatsegula kamera yakutsogolo ya foniyo tinapeza kuti Beauty, fyuluta yosalaza nkhope ya m'kamera momwemo, ndi yoyatsa, mwina chigulireni foniyo zaka ziwiri zapitazo. Mafoni ambiri amabwera chonchi, mwini wake osadziwa. Foni imapeza kaye pamene pali maso, mphuno, milomo ndi m'mphepete mwa nsagwada. Ikatero imafufuta tizinthu ting'onoting'ono tapakhungu, monga timabowo ta thukuta, ziphuphu ndi zipsera, n'kukankhira masaya m'kati pang'ono ndi kuwalitsa khungu. Zonsezi zimachitika munthu asanadine n'komwe. Ndiye taganizani, mwana ameneyu amadziyang'ana pafoni kambirimbiri patsiku, pagalasi mwina kamodzi m'mawa, mwinanso kusanayere bwino. Nkhope imene waizolowera, imene mtima wake umaitcha "ine", ndi yapafoniyo.

Mafyuluta akale ankadziulula okha, makutu a galu aja ndi nkhata zamaluwa pamutu. Aliyense ankadziwa kuti ndi masewera. Koma kuyambira pamene fyuluta ya Bold Glamour inatchuka pa TikTok mu 2023, zinthu zinasintha. Ukadutsitsa dzanja kumaso nkhope yopangayo sisuntha, imakhala ngati unabadwa nayo.

Panalibe kasitomala wina, choncho ndinapempha mayiwo kuti andilole mphindi khumi. Tinazimitsa Beauty, mtsikanayo n'kudzijambula monga amachitira, foni ili pafupi ndi nkhope. Atangoona anati, "Mwaona mphunoyo? N'chifukwa chake ndimadana nayo." Ndinatenga tepi yoyezera, n'kuyeza mita imodzi ndi theka kuchokera pampando, ndi kumujambula ndili pamenepo ndi foni yake yomweyo. Tinaika zithunzi ziwirizo pamodzi. Pachithunzi chachiwiri mphuno inali yocheperapo ndithu, makutu akuoneka onse, nkhope yakhazikika.

Apa palibe matsenga. Chimene chili pafupi ndi kamera chimakula, ndipo pankhope chimene chimatsogola ndi mphuno, makutu n'kutsalira kumbuyo. Madokotala ena a ku America anawerengetsera zimenezi mu 2018, ndipo anapeza kuti chithunzi chojambulidwa pamtunda wa masentimita 30 chimakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi chojambulidwa pamtunda wa mita imodzi ndi theka. Chimandiwawa n'chakuti selefi ndiyo imafutukula mphuno ya mwana, kenako fyuluta n'kubwera ngati mankhwala a vuto limene kulibe. Palibe munthu amene amakuyang'ana ali pamtunda wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, kupatula mwina mayi ako pokuchotsa chitsotso m'diso.

Panalinso china chimene chinkamusokoneza pachithunzi changa. Ankati nkhope yapendekeka. Kamera yakutsogolo imakuonetsa ngati pagalasi, kumanja kukhala kumanzere, pamene kamera yanga imaonetsa mmene anthu ena amakuonera. Palibe munthu amene mbali ziwiri za nkhope yake n'zofanana ndendende, choncho ukaiona itatembenuzidwa imaoneka yachilendo. Nditatembenuza chithunzicho pakompyuta anati, "Eya, apa ndiye bola." Mayi ake anati kwa iwo choyamba chija ndicho mwana wawo.

Za khungu ndiye zinali zovuta. Mayiwo anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti mwezi watha anapeza kachubu ka mafuta oyeretsa khungu m'chikwama chake cha kusukulu, ogula pamsika. Ndinali nditaona kale kuti nkhope ndi khosi zasiyana mtundu, ndiponso pamasaya pali tiziphuphu tambiri tofanana kukula. Ine si dokotala, koma ntchitoyi yandionetsa nkhope zambiri pafupi. Ambiri mwa mafuta otere amakhala ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa siteroyidi, amene amapepukitsa khungu ndi kubweretsa ziphuphu, ndipo ena amasiya zigamba zakuda zovuta kuchoka akadzoledwa nthawi yaitali. Ndinawauza kuti apite naye kwa a zakhungu kuchipatala cha Gulupu, asangomukalipira. Mwanayo sankafuna kufanana ndi mzungu kapena woimba wina aliyense. Ankathamangitsa khungu la chithunzi chake chomwe, limene foni inamupatsa.

Kumapeto kwa 2024 a TikTok analengeza kuti mafyuluta ena osintha nkhope sadzaloledwanso kwa ana osakwana zaka 18. Ndi zabwino, koma zimadalira zaka zimene mwana analemba potsegula akaunti, ndiponso sizikhudza Beauty imene ili m'kamera ya foni.

Nafenso ojambula tili momwemo. Zithunzi za ukwati ndi zinkhoswe timazisalaza, ndipo akwatibwi ena amapempha kuti tiwayeretse. Ndakhala ndikuvomera chifukwa ndi ndalama. Masiku ano ndimachotsa chokhacho chimene chikanachoka chokha pakatha sabata, monga chiphuphu chotuluka dzulo kapena thukuta lonyezimira pachipumi. Chipsera, mpata wa mano ndi mtundu wa khungu ndimazisiya, pokhapokha munthu wamkulu ataumirira.

Mtsikana uja anandipempha kuti ndifufute kachipsera kokhako. Ndinamuuza kuti pachithunzi cha fomu siziyenera kutero, chifukwa ntchito yake ndi yoti anthu amuzindikire. Anakhala chete. Mayi ake ndi amene anati, "Tsiku limene unagwalo ndinakubereka kumsana kuchokera kunyumba mpaka kuchipatala, magazi ali chuchuchu pansalu yanga. Chisiyeni, achimwene." Ndinasindikiza zinayi, n'kuzidula, n'kuziika mu envulopu. Anailandira ndi manja awiri osatsegula. Ali pakhomo anabwerera n'kupempha kuti chija cha mita imodzi ndi theka ndisachifufute m'foni mwake. Ndinamuuza kuti foniyo ndi yake, chilimo.

Madzulo mvula yowaza inali isanaleke, ndipo minibasi ya ku Chilomoni inachedwa kudzaza. Kunyumba ndinapeza mwana wanga wazaka 12 atagona chafufumimba pamkeka, akudzijambula ndi foni ya mayi ake, masaya atawafufumitsa. Ndinakhala pansi pambali pake n'kumupempha kuti andionetse kamerayo. Beauty inali yoyatsa. Tinaizimitsa limodzi, ndipo ndinamuuza kuti akaime pakhomo paja ndimujambule ndili patali.