Zikomo nonse, ndipo nawa mawu amene chimkuzamawu chinameza

Ine ndi mayi akunyumba tikuthokoza nonse amene munatithandiza kukwatitsa mwana wathu woyamba Loweruka lapitali ku Lilongwe. Atsibweni ake a mkwatibwi, eni mbumba, nkhaniyi munainyamula kuyambira tsiku la chinkhoswe, pamene munalandira tambala n'kupereka msoti. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri, asewere athu, a komiti, ndi amayi a ku mpingo amene munafika pamoto tambala asanalire, Mulungu abwezere pamene mwachotsa.

Ambiri mwandifunsa zimene ndinayankhula, poti magetsi anazima nditangoimirira, ndipo jenereta inadzalira ine nditakhala kale pansi. Woyendetsa mwambo anandipatsa mphindi zitatu zokha kuti perekaniperekani asachedwe. Poyamba ndinadandaula. Ndinali nditalemba masamba anayi a malangizo, koma amayi ake atawerenga anati, "Bambo, kulangiza ndi ntchito ya alangizi, ndipo anamaliza kale. Inu nenani chimodzi chimene mukukumbukira, mudalitse mwana, mukhale pansi." Ananena zoona. Zimene zinatsala ndi izi.

"Akuluakulu nonse, asewere anga, ndaima pano ngati mlendo woyamikira, pakuti eni mbumba ayankhula kale.

"Mwana wanga, unatenga dzina la mayi anga, n'chifukwa chake ndimakuitana kuti amayi. Koma lero ndilole ndinene kuti iwe, monga ndinkachitira uli wakhanda.

"M'mwezi wa Febuluwale chaka cha 2002, chaka cha njala ija, tinali kumudzi ku Kasungu, iwe uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Akuluakulu muli muno mukukumbukira. Nkhokwe zinali mbee, chimanga cha m'munda chisanakhwime, anthu ena akukumba zitsa za nthochi. Ine ndinkalawirira kukagwira ganyu m'minda ya fodya, malipiro ake kambale ka gaga. Kunyumba tinkadya kamodzi patsiku, ndipo ine ndinkanama kuti ndadya kale ku ganyu, kuti mtanda wanga ugawidwe kwa ana.

"Tsiku lina ndinabwera usiku, mvula itandinyowetsa. Ndinakupeza uli khale pakhonde, ukusinza, dzanja lili chofumbata. Nditakunyamula unatambasula kadzanja kaja, ndipo munali mbamu ya nsima ya gaga, yozizira, yodetsedwa ndi fumbi. Unati, 'Ababa, ndakusungirani. Mimba yanu imalira usiku, ndimaimva.' Ndinadya mbamu ija nditatembenukira kumdima kuti usaone nkhope yanga. Kufikira lero sindinakuuzepo kuti bodza langa linagwidwa ndi mwana wa sitandade 1.

"Inu akamwini, mwana amene ndikukupatsani ndi ameneyo. Amamva njala ya mnzake mnzakeyo asananene. Koma samalani, chifukwa munthu wotere amabisa yake. Akadzati wakhuta, muziyang'ana m'mbale mwake.

"Tsopano mdalitso wanga ndi uwu. Mulungu amene anatiolotsa chaka chija asunge nyumba yanu. Moto usazime pa mafuwa anu, ndipo ufa ukadzachepa, pakhale nthawi zonse wina wosungira mnzake mbamu. Pita bwino, mayi wanga. Khomo la kwanu silinatsekedwe, koma uzibwera ngati mlendo wokondwa, mwamuna wako ali pambali pako."

Apo m'pamene ndinalekezera. Amene munali kutsogolo munaona kuti pa mawu oti "ndakusungirani" ndinaima kanthawi, ndipo ena mumaganiza kuti ndikudikira magetsi. Ayi, anali mawu amene anakana kutuluka. Ndikuthokoza mlongo wanga amene anayambitsa nthungululu pamenepo, mpaka ndinapezanso mpweya. Kunyumba ndinayeserera kanayi pamaso pa amayi ake, wotchi ili m'manja, ndipo zinkatha mu mphindi ziwiri ndi theka. Pa tsikulo akuti zinapitirira zitatu, koma woyendetsa mwambo sanandilande maikolofoni, mwina poti inali yozima kale.

Asewere anga aamuna, mawu amene munandinong'oneza nditakhala pansi, oti nanunso munadya gaga chaka chimenecho, ndawasunga. Achinyamata amene munathamangira jenereta, ndi inu amene munatsala kutsuka mbale anthu atabalalika, sindinakuoneni nonse, koma mayi akunyumba anandiuza.

Mapoto aakulu atatu amene tinabwereka tibweza Lachitatu. Palinso chitenje chobiriwira ndi ambulera zimene zinatsala mu holo. Mwini wake atipeze kunyumba, tiyi alipo.