Sabata ya Jupiter ndi ana anga a Fomu 3

Lolemba ndinapachika chithunzi cha Jupiter pabolodi, mnyamata wina kumbuyo akuti aphunzitsi mizereyo anachita kupenta eti? Anzake kuseka, koma funsolo landidyera sabata yonse.

Ndinawauza kuti pulaneti imeneyi ilibe nthaka yoti nkupondapo, ndi mpweya wa haidrojeni ndi hiliyamu, ndiye zomwe timaonazo ndi mitambo basi. Mizere yoyererayo ndi pomwe mpweya ukukwera, ukafika kumwamba kozizira amoniya amaundana nkupanga mitambo yoyera. Yoderayo ndi pomwe mpweya ukutsika, mitambo yoyera ija kulibe ndiye timasuzumira pansiko. Nanga bwanji ili mizere osati zigamba? Ndi liwiro. Chinthu chotambalala ka 11 kuposa dziko lathu koma chimamaliza kuzungulira maola 10 asanakwane, mphepo yofuna kulowera kumpoto kapena kummwera imakhotetsedwa mpaka kumangothamanga mozinga pulaneti yonse, ina chakummawa yoyandikana nayo chakumadzulo.

Lachitatu ndiye ndinachita manyazi. Ndinabwereka telesikopu, ana ndawasonkhanitsa pabwalo la mpira 8 koloko usiku udzudzu ukutimaliza, mizere iwiri yodera ikuoneka bwinobwino koma banga lofiira lija, Great Red Spot, lomwe ndi namondwe wamkulu wa ku Jupiter, osaoneka. Ndinayamba kuda galasi. Kunyumba nditayang'ana nthawi zake ndinapeza kuti linadutsa pakati pa pulanetiyo cha m'ma 5 koloko, ndipo pakatha maola awiri ndi theka limakhala lafika kale m'mphepete. Ulendo umodzi ndi maola 9 mphindi pafupifupi 56, maulendo asanu ndi maola 49 ndi mphindi pafupifupi 40, ndiye kuti Lachisanu cha m'ma 6:40 madzulo.

Lachinayi tinakamba za Freddy wa 2023, palibe mwana amene samukumbukira. Freddy anatha masabata asanu ndi kuposerapo, koma akafika pamtunda ankafooka chifukwa wasiya madzi ofunda omwe amamudyetsa, mapiri nawo akumugwira miyendo. Ku Jupiter kulibe mtunda. Bangalo lapanikizika pakati pa mphepo ziwiri zosemphana zomwe zimalipukusa ngati mpukuso pakati pa zikhato, komanso limameza timikuntho ting'onoting'ono. Lakhala likuonedwa mosadukiza kuyambira 1878. Mabuku amakonda kunena za banga lomwe katswiri wa zakuthambo Cassini anaona mu 1665, ine ndinawauza asalumbire kuti ndi lomweli, pakati pakepo panadutsa zaka zoposa 100 osaonedwa. Likuchepanso, kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 linali makilomita pafupifupi 40,000, chombo cha Juno chikudutsa pamwamba pake mu 2017 linali cha m'ma 16,000, chikhalirecho panthawiyo dziko lathu likanatha kukwanamo.

Lachisanu 6:40 tinalipeza. Kakang'ono, kotuwa ngati njerwa yosapsa bwino, mnyamata wa penti uja anayang'ana kawiri nkuti aphunzitsi kofiira kake nkati pamenepa.