Tsiku limene ndinapita kukatenga chenji ku sukulu

Uthenga unalowa Lachinayi madzulo ndili pakhonde ndikusenda chimanga chootcha. Unachokera ku sukulu yogonera konko kumene mwana wanga Chisomo amaphunzira Fomu 2. Unali waufupi ngati wa munthu amene munayambana naye: balansi ya fizi ndi K220,000, ndipo mwana amene sanamalize sadzalowa m'chipinda cha mayeso a teremu yachiwiri.

Chimanga chija chinasiya kukoma. Kuyambira Januwale ndinali ndikungopereka ndalama ku sukuluyo ngati ndikulipira chiwongo, ndiye lero andiuze kuti kwatsala yochuluka chonchi? Ndinati apa pali wina akudya, ndipo lero ndimugwira.

Mayi a Chisomo n'kuti ali ku maliro ku Ntcheu, kumudzi kumene foni imagwira pokhapokha ukakwera pachulu. Choncho kafukufuku yense ndinachita ndekha. Ndinatsegula gulu la makolo la pa WhatsApp, limene ndinalitseka pakamwa kalekale chifukwa cha mavesi a m'mawa ndi malonda a zitenje, n'kuyamba kukwera m'mwamba. Ndinadutsa zithunzi za maluwa, mkangano wa nyemba zofumbwa, mpaka ndinapeza sikirinishoti ya mndandanda wa fizi imene kholo lina linatumiza. Pa mzere wa Fomu 2 panalembedwa zinthu ziwiri: ya maphunziro K250,000, ya chakudya ndi pogona K200,000. Zonse pamodzi K450,000. Ndinawonkhetsa ndekha, poti mzere wowonkhetsa panalibe. Panthawiyo sindinadabwe nazo.

Kenako ndinatsitsa chitini cha mabisiketi chimene timasungamo mapepala ofunika. M'chitini chathu mumakhala chilichonse: makadi a sikelo, mabatani, makiyi a maloko amene anatayika kalekale. Ndinapezamo mapepala asanu. Silipi ya ku banki ya K200,000 ya pa 8 Januwale. Lisiti ya sukulu ya K200,000 ya pa 10 Januwale. Lisiti ina ya sukulu ya K120,000 ya pa 2 Febuluwale, imene ndinakapereka pamanja. Silipi ya ku banki ya K60,000 ya pa 20 Febuluwale. Ndipo pansi penipeni kalisiti kamakina, kaja kamafufutika kokha ngati lonjezo la pa kampeni, pomwe pankangooneka K25,000 basi.

Pa ma K200,000 awiriwo ndinaima pang'ono. Yoyamba ndinkaikumbukira bwino, chifukwa ndinaima pa mzere ku banki mpaka miyendo kuchita dzanzi. Nanga yachiwiri? Ndinaganiza, ndipo mtima unasungunuka. Ndinati, “Mkazi uyu! Watenga ndalama ku banki m'khonde n'kukalipira mwakachetechete, osafuna kundichititsa manyazi.” Ndinatsala pang'ono kugwetsa msozi m'chitini.

Ndinawonkhetsa katatu pa foni, kamodzi pa pepala. Zolipira zonse K605,000. Kuchotsapo K450,000, kutsala K155,000. Osati yoti ndipereke ayi. Yoti andibwezere.

Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma usiku umenewo ine miyambi sindinkaimva. Ndinapita kwa aneba kukatenga tambala pa ngongole, ndikuti ndilipira mawa ndikachokera ku sukulu. Ndinalembanso pa gulu la makolo lija, koyamba chilowereni, kuti, “Makolo anzanga, tiziwerengera tokha. Ena tapeza zinthu.” Anthu khumi ndi awiri anandiikira chala chachikulu. Mayi wina anati ndidzaime pa upampando wa komiti.

M'mawa ndinavala jekete ya ukwati, mapepala ndinaika mu envulopu ya khaki, ndipo pochoka pa siteji sindinayende wapansi, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Munthu wokatenga ndalama safika ndi fumbi m'mapazi. Mlonda wa pa geti atandifunsa kuti ndikufuna ndani, ndinati, “Achimwene, ndabwera kudzatenga zanga.”

Ku ofesi ya zandalama kunali mzere wa makolo pa benchi, onse nkhope zili pansi. Ndinawamvera chisoni. Nthawi yanga itakwana ndinalowa, osatseka chitseko, dala, kuti anzanga aphunzirepo.

Amene anandilandira anali mayi wachikulire wovala magalasi a chingwe, wolankhula motsitsa ngati namwino wa ku sikelo. Ndinayala mapepala pa tebulo ngati makadi a juga, foni pakati.

“Mayi, ine si munthu wokonda milandu. Mungondipatsa K155,000 yanga, nkhaniyi ithere m'chipinda muno.”

Sanakwiye, ndipo zimenezo zinandiopsa pang'ono. Anatenga foni yanga, n'kuyang'ana chithunzi chija.

“Bambo, chidindo cha sukulu chili pati apa?”

Ndinayang'ana. Panalibe.

“Siginecha ya ahedi? Mzere wowonkhetsa zonse?”

Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala lenileni. Pamwamba linali lofanana ndi langa ngati mapasa. Koma lake linkapitirira. Pamene chithunzi changa chinathera, panali mizere ina itatu: ya chitukuko K30,000, ya makompyuta K15,000, ya chipatala K10,000. Pansi pake mzere wokhuthala, K505,000, kenako chidindo chofiirira. Kholo lija linajambula zimene zinakwana pa sikirini ya foni yake, miyendo ya pepala n'kutsala kunja. Ine ndinabwera ndi mutu ndi chifuwa chokha.

“Chabwino,” ndinatero, mawu atachepako. “Muchotsepo K55,000. Mundipatse K100,000.”

Anatembenuzira kompyuta kwa ine kuti ndione tsamba la mwana wanga. Mzere woyamba, pafupi ndi dzina la Chisomo, unali wakuti “B/F 35,000”. Magazi anathamanga. Zilembo ziwirizo ndimaziona m'mafoni a ana a masiku ano, ndipo ndimadziwa tanthauzo lake.

“Mayi, mnyamatayo ndi ndani? Mwana wa Fomu 2? Ndipo inu mukuchita kulemba m'mabuku a sukulu?”

Pa benchi panja wina anatsamwa. Mayi aja anavula magalasi, n'kupukuta m'maso kwa nthawi yaitali ndithu. Atapezako mpweya anandifotokozera kuti palibe chibwenzi chilichonse, imeneyo ndi ngongole yochokera teremu yapita. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya chimanga, mafuta ophikira ndi nkhuni inakwera, sukulu n'kuwonjezera K35,000 pa chakudya teremu yoyamba isanathe. Kalata inatumizidwa pa gulu lomwe lija ndinalitseka pakamwa. Ndiye ngongole yonse sinali K450,000, sinalinso K505,000, koma K540,000. Mndandanda wa fizi umangonena mtengo wa teremu, sudziwa zimene mwana wako wabwera nazo kumsana.

Ndinawerengera mwachangu mumtima. K605,000 kuchotsa K540,000. Tambala ndi kabaza zinali zikadatetezeka.

“Basi, K65,000 yomweyo ndilandira.”

Apa anatenga silipi ya pa 8 Januwale ndi lisiti ya pa 10 Januwale, n'kuziika pamodzi ngati akudalitsa ukwati.

“Tawerengani nambala ili pamwamba pa silipi ya ku bankiyi.”

Ndinawerenga.

“Tsopano werengani imene ndinalemba ndi bolopeni pansi pa lisiti yathuyi.”

Inali yomweyo, mpaka nambala yomaliza. Anandiuza kuti ukalipira ku banki, silipi ija ndi umboni woti ndalama yalowa mu akaunti ya sukulu. Ukabwera nayo kuno, amaitsimikiza n'kukulembera lisiti ya sukulu, ndipo pa lisitipo amakopera nambala ya silipi. Mapepala awiri, ndalama imodzi. Mayi a Chisomo sanatenge kanthu ku banki m'khonde. Anangonyamula silipi yanga yomwe ija pokasiya mwana, n'kubwerera ndi lisiti, zonse n'kuponya m'chitini. Msozi wanga wa dzulo unapita pachabe, ndipo K200,000 inasungunuka ndikuona.

Kalisiti kofufutika kaja ndinayesa kukabisa ndi chigongono, koma anali atakaona kale. Anakanyamula n'kukaunika pa windo, kupendeketsa uku ndi uku.

“Bambo, kuno sitigulitsa misomali.”

“Misomali?”

“Misomali ya malata makilogalamu awiri, ndi mahinjesi.”

Ndinakumbukira khola la nkhuku limene ndinakonza mu Disembala. Pa benchi tsopano sankabisanso, ankaseka momasuka ngati alipira matikiti. Ndinadzuka kukatseka chitseko, koma bambo wina anachigwira ndi phazi n'kunena kuti mukutentha, mpweya uzilowa.

Zotsala zinali zoonekeratu. Malisiti enieni a sukulu anali awiri, K200,000 ndi K120,000, pamodzi K320,000. Kuchotsa pa K540,000, kutsala K220,000, ndendende mmene uthenga unanenera. Jekete ija inayamba kundithina m'khwapa.

Ndikusonkhanitsa mapepala kuti ndithawe, mayi aja anagwira silipi ya K60,000.

“Dikirani. Iyi sinafikepo kuno.”

Anatsegula faili ina yokhuthala, ya sitetimenti za ku banki, n'kuyendetsa chala mpaka pa 20 Febuluwale. Ndalamayo inalipo, koma pambali pake anali atalembapo funso ndi pensulo. Pa silipiyo, pamalo polemba dzina la mwana ndi nambala yake ya sukulu, ine ndinalemba dzina langa loyamba ndi mawu akuti “fees”. Sukulu ya ana mazanamazana, aliyense akulipira fizi, ine n'kulemba kuti fizi. Ndalamayo inakhala milungu itatu ngati mwana wotayika pa msika, osadziwika mwini wake. Anati ali nazo zambiri zotere, zina za chaka chatha, eni ake akungotukwana sukulu kunyumba silipi zili m'thumba la jekete.

Anandilembera lisiti pomwepo, kukoperapo nambala ya silipi, kumenya chidindo. K220,000 kuchotsa K60,000. Balansi yeniyeni K160,000. Anasindikiza tsamba lonse la Chisomo n'kundipatsa, nati ulendo wina ndiyambire pamenepa, ndiziika lisiti iliyonse pambali pa mzere wake, tsiku ndi nambala zigwirizane, ndipo pepala losowa mzere ndilo ndibwere nalo.

Ndinatuluka nditakweza lisiti yatsopanoyo m'mwamba, n'kuuza a pa benchi kuti, “Mwaona? K60,000 ndaipeza.” Palibe anayankha. Mayi wina anangofunsa ngati khola la nkhuku linatha bwino.

Pa geti mlonda anaimirira mwaulemu. “Mwatenga zanu, bwana?”

Ndinati ndatenga, n'kuyamba wapansi kulowera ku siteji, jekete ili paphewa.

Nditafika kunyumba ndinapeza mayi a Chisomo abwerako ku maliro. Tambala uja anali kale mu mphika, fungo lili thoo mpaka ku msewu, ndipo aneba anali pakhonde, atakhala pa mpando wanga, akudikira.

“Bambo a Chisomo,” anatero mkazi wanga akutakasa, “ndamva pa gulu kuti mwapeza zinthu. Ndiye ndati poti zilipo, ndatengakonso mpunga pa ngongole.”