Chithunzi cha agogo cha 1974: pomwe ndafika sabata yachitatu ino

Chithunzi chakale chomwe ndinachipeza mu sutikesi ya amayi ku Santhe, chomwe ndikuchikonza pa kompyuta, chayamba kuoneka ngati cha anthu tsopano, ngakhale diso la agogo aakazi landizunza sabata yonse. Amene simunachione, ndi kachithunzi ka 9 cm ndi 13 cm, kakuda ndi koyera, agogo aamuna atavala jekete agogo aakazi atamanga duku, kumbuyo analemba ndi bolopeni kuti 1974. Amayi akuti agogowo anajambulitsa pa boma pa Kasungu atangogulitsa fodya. Pepala lonse linasanduka lachikasu ngati tiyi wopanda mkaka, pakona pali banga lalikulu la madzi, ndiye pali mzere wokandika wochokera pa duku kudutsa pakona pa diso mpaka pa phewa.

Sabata yoyamba ndinangotaya nthawi, ndivomere. Ndinapita pa shopu ina yopanga fotokope mtauni, mnyamata wake anaona kuti chithunzi ndi chakuda ndi choyera ndiye anasikana pa `Grayscale`, 200 dpi, nkundiikira mu fulashi ngati JPEG. Kufika kunyumba kukulitsa pa laputopu nkhope zonse timabokosi tokhatokha, komanso banga lija linali litasanduka mtambo wotuwa wosakanikirana ndi jekete moti palibe njira yolisiyanitsira. Ndinabwerera ndithu, ulendo uno ndinaima pambali pake mpaka anasankha `Color`, 600 dpi, TIFF, ndipo ndinamupempha azimitse zonse zokonza zokha zija za sikana, komanso apukute galasi kaye poti fumbi la pagalasi limalowa mu fayilo nkumaoneka ngati ndi la pachithunzi. Fayilo inatuluka pafupifupi mapikiselo 2100 ndi 3070, ma MB 20 osakwana pang'ono. Ndi yokwana kuchapitsa pa 18 cm ndi 26 cm osaphwanyika.

Anandiseka kuti bwanji mukusikana makala chithunzi chopanda makala. Chifukwa chake nchimene ndikufuna ndifotokoze bwino apa, poti ndi chimene chandipulumutsa. Fayilo ya makala imakhala ndi zithunzi zitatu mkati, chofiira, chobiriwira ndi chabuluu. Chinthu chachikasu chimaoneka chachikasu chifukwa chimameza kuwala kwa buluu nkubweza kofiira ndi kobiriwira. Ndiye banga lachikasu mu chithunzi chabuluu chija limada bii, koma mu chofiira limangotsala pang'ono kusowa. Ukasikana pa `Grayscale` sikana imasakaniza zitatuzo yokha ndipo bangalo limakanirira momwemo, sungalichotsenso mophweka.

Mu GIMP 2.10, yomwe ndi pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, ndinapita pa `Colors > Components > Decompose` nkusankha `RGB`, zimatuluka ma leya atatu, ndiye kuti zithunzi zitatu zija zitasanjikizana. Ya `blue` inali yochititsa mantha, ngati chithunzicho chinagwera mu uvuni wa fodya. Ya `red` nditaitsegula ndinachita kuitana amayi kuti adzaone, banga la pakona latsala kamzere ka m'mphepete basi, mabatani a jekete omwe sitimadziwa kuti alipo akuoneka atatu. Koma yofiira ili ndi vuto lake, inali yofooka, nkhope zotuwa mbuu. Ndiye ndinaika ya `green` pamwamba pake pa `Opacity` 30, ndiye kuti izingoonekera pang'ono pamwamba pa yofiirayo, kuti khungu libwerere pang'ono, kupitirira pamenepo banga limayambanso kusuzumira.

Kufwifwa kuja ndinathana nako ndi `Colors > Levels`. Pamakhala kaphiri kosonyeza pomwe pali mdima ndi kuwala, kuyambira 0 mpaka 255. Pa chithunzi chofwifwa kaphiriko kamaunjikana pakati, kwanga kanayambira cha pa 58 nkuthera cha pa 205, kutanthauza kuti mulibe chakuda chenicheni kapena choyera chenicheni. Ndinakoka kakatatu kakuda kufika pa 55, koyera pa 208, osalowa mkati mwa phirilo. Poyamba ndinatengeka nkukoka kakudako mpaka 75 poti zimaoneka zokongola patali, koma nditakulitsa jekete inali itasanduka chibuma chimodzi cha makala, kolala osaoneka, ndi duku mapindo ake onse atapsa. Ukaona nsalu yataya mapindo dziwa kuti wapyola, bwerera.

Zokandika ndinayamba ndi zosavuta, za pa nsalu ya kumbuyo ndi pansi. Ndinatsegula leya yatsopano yopanda kanthu, kusankha `Heal`, burashi yomwe imatenga pamalo abwino nkusakaniza ndi poonongeka, kuchonga `Sample merged` kuti zonse ndizipenta pa leya yatsopanoyo chithunzi chenicheni chisakhudzidwe, kenako `Ctrl` ndi kudina pamalo abwino pafupi, nkumadontheza pa mzerewo. Mzere unali wa mapikiselo ngati 8 m'lifupi ndiye burashi ndinaika 12. Ukaika yaikulu kwambiri kapena kukoka ulendo umodzi wautali pamatsala njira yosalala ngati yadutsa nkhono, poti timchenga ta chithunzi tafufutika. Kudontheza pang'onopang'ono ndi kumasintha potengera ndiye kumabisa. Panali timadontho toyera tambirimbiri, ndinayesa `Filters > Enhance > Despeckle` kuti ndifulumire, inadya timadontho inde koma inadyanso nsidze, ndinabweza nkuchita pamanja usiku uwiri. Usiku wachiwiriwo magetsi anathima, batire ya laputopu yanga ndi ya dzina chabe, ntchito ya ola lathunthu inapita. Pano `Ctrl+S` mu `.xcf` ndikumadina ngati ndikuyabwidwa.

`Heal` imakanika pamalire. Pomwe mzere ukudutsa phewa lakuda kulowa nsalu yowala imasakaniza ziwirizo nkusiya utsi. Pamenepo ndi pa `Clone`, yomwe imangokopa osasakaniza, kutengera pamalire penipeni pa phewa chapafupi nkukhazika kuti mzere wa phewa ulumikizane.

Ndiye diso lija. Kukandikako kunachotsa kakona ka diso lamanzere ndi kachidutswa ka chikope, palibe chotsala pansi pake choti nkubweza. Ndinaganiza zochenjera, kukopa diso lamanja, kulitembenuza ndi `Flip` nkulimata. Kwa ine zimaoneka bwino zedi. Amayi atavala magalasi anayang'ana kanthawi nkuti, “Iwe, awa si amayi anga awa. Diso ili wawabwereka kwa ndani?” Ndinati ndi lawo lomwe amayi, ndangolitembenuza. Anati ayi, agogo ako diso lamanzere linali lotsinzinira pang'ono chibadwire. Komanso nditayang'anitsitsa nyali ya wojambula inali mbali imodzi, ndiye diso lotembenuzalo kadontho kowala kanali kolakwika mbali, nchifukwa chake amaoneka ngati akuyang'ana kuwiri. Ndinafufuta leya yonseyo.

Zomwe ndachita m'malo mwake, ndakulitsa pa 400%, burashi ya mapikiselo 4, kutseka khungu la pamwamba ndi pansi pa diso kuchokera pa khungu loyandikana nalo, nkulumikiza mzere wa chikope kuchokera mbali ziwiri zomwe zinatsala. Pakona penipeni ndasiya kachipsera kochepa, pa 100% umachita kukafunafuna. Amayi avomera, angoti tsaya ndalisalaza kwambiri ngati apaka mafuta, ndiye mawa ndichepetsa `Opacity` ya leya imeneyo mwina kufika 70.

Chatsala ndi kona yothothoka ya pansi pomwe panali nsapato ya agogo aamuna, sindinaganize ngati ndiidule kapena ndiisiye choncho. Malume a ku Chulu akuti ali ndi chinzake chomwe anajambula tsiku lomwelo agogo aakazi ali okha, ndawauza asachipukute ndi kansalu konyowa ngakhale chili ndi fumbi, angochiika mu envelopu pakati pa buku abwere nacho Loweruka.